Dzina la pa Chiphaso cha Ezekiele

Pa Lisungwi, munthu akafuna kalata yofunsira ntchito kapena kudzaza zinthu pa intaneti, ankamuuza kuti akafufuze Ezekiele Chimbalanga. Anali mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, wa m'mudzi wa Mkanda kutsidya kwa mtsinje. Folomu 4 anakhoza bwino ndithu, koma ku koleji sanapite. Mmawa ankakhala kumunda wa nandolo ndi amayi ake, a Dorica. Dzuwa likakwera ankasamba n'kupita ku shopu ya mnzake Jeffrey, yotchajira mafoni ndi kusindikiza makalata, ndipo kumeneko ankatayipira anthu.

Nkhope ya bambo ake sankaikumbuka. Anachoka iye akuphunzira kuyenda, ati akukafuna ntchito ku Joni, ndipo sanabwererenso. Anamulera ndi amalume ake, a Wilkins Chimbalanga, kalipentala wa pamsika. Ndi iwo anamutengera kusukulu tsiku loyamba, ndipo aphunzitsi atafunsa dzina la bambo, a Wilkins anangotchula lawo. Kuyambira pamenepo, kusukulu, kutchalitchi ndi kumpira, anali Chimbalanga.

Ntchito ya pa intaneti anamuonetsa ndi a Prudence, namwino wochokera ku Rumphi amene ankagwira ntchito pachipatala. Tsiku lina anabwera kudzasindikiza makalata ndipo anaona mmene zala za Ezekiele zinkathamangira. Anamuuza kuti pali webusaiti imene anthu akunja amaikapo ntchito, munthu n'kuigwira ali kwawo, malipiro n'kubwera m'madola. Anamubwereka laputopu yawo yakale.

"Gwiritsani ntchito, achimwene," anatero. "Koma ndinapempha kuti andisamutsire kwathu kumpoto. Kalata ikangotuluka ndinyamula zonse, ndi laputopu yomwe. Ndiye mufulumire kugula yanu."

Ezekiele anafunsira ntchito zambirimbiri osayankhidwa. Kenako mayi wina wa pa yunivesite ina ku Ulaya anamulemba. Anali ndi mawu ojambulidwa a alimi akufotokoza mmene amasungira chimanga, ndipo ankafuna kuti alembedwe m'Chichewa kenako amasuliridwe m'Chingelezi. Ezekiele anakhala milungu ingapo atatseka makutu ndi timahedifoni, akubwezabweza mawu a agogo ena olankhula mkamwa muli fodya. Atamaliza, mayi uja anayamikira, anavomereza ntchitoyo, ndipo ndalama zinaonekera pa webusaiti pafupi ndi dzina lake. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Anamuitana Jeffrey kuti nayenso aone.

Kuona kunali kwina, kugwira kunali kwina. Kuti ndalamazo zifike ku banki yake kuno, ankafunika akaunti ku kampani ina yakunja imene imalandira madola n'kuwatumiza ku mabanki a m'mayiko ena. Kutsegula akauntiyo sikunavute. Analemba dzina lake, tsiku lobadwa, nambala ya foni ndi mudzi. Kenako kampaniyo inati isanamulole kulandira kalikonse iyenera kutsimikizira kuti iye ndi iyeyo.

Choyamba anati amutumizira manambala pa foni, awalembe pasanathe mphindi zochepa. Netiweki ya tsikulo inali yoyenda ndi ndodo. Manambala ankafika nthawi yake itatha, iye n'kupempha ena, enawo n'kufikanso mochedwa. Mapeto ake anakaima pachulu kuseri kwa shopu, laputopu ili padzanja, foni ataikweza kumwamba, azimayi ogulitsa matemba akumuyang'ana. Zinatheka.

Kenako anafuna chithunzi cha chiphaso cha unzika, kumaso ndi kumbuyo. Kamera ya foni yake inali ndi mng'alu, ndipo makina ankangokana: chithunzi sichikuoneka bwino, pali kuwala, ngodya ina yadulidwa. Anakabwereka foni ya a Prudence. Atajambula chiphaso, makinawo anamuuza kuti ayang'ane kamera, atembenuzire mutu uku ndi uku. Anachita zonsezo ataima pakhonde la nyumba ya a Prudence ngati munthu woyezedwa khosi. Uthenga unabwera woti adikire masiku angapo.

Anadikira. Imelo itabwera, inali yaifupi. Dzina la pa akaunti silikugwirizana ndi dzina la pa chiphaso.

Ezekiele anatulutsa chiphaso m'thumba. Sikuti sankadziwa. Pa chiphasopo panalembedwa Ezekiele Kaphuka, dzina la bambo ake omubereka. Ngakhale akaunti ya ku banki, imene anatsegula chaka chimene anagwira ganyu yowerenga mabanja ku bungwe lina, inali ya Kaphuka, poti anatsegulira chiphaso chomwecho. Koma dzinali iye ankalitenga ngati nambala ya chiphaso, chinthu cha boma chongokhala m'thumba. Palibe munthu anamuitanapo nalo.

Madzulo ake anapeza amayi ake akupeta nandolo.

"Amayi, tsiku lolembetsa ziphaso lija, bwanji munatchula Kaphuka?"

A Dorica sanasiye kupeta. "Anafunsa dzina la bambo wako wokubereka. Ndikanati chiyani? Ndiname pamaso pa boma?"

"Munthu amene sanandigulireko ngakhale pensulo."

"Pensulo sanagule, inde. Koma anakubereka ndi iyeyo." Anauzira mankhusu m'lichero. "Ndiye azungu akowo akana kukupatsa chifukwa cha dzina?"

"Akuti ndilembe la pa chiphaso."

"Lemba. Koma ukawauze kaye amalume ako, asakamvere kwa anthu."

Mmawa mwake anawapeza a Wilkins akupala chitseko pansi pa chisakasa chawo. Anafotokoza zonse, pang'onopang'ono, maso ali pa zipalo za matabwa zimene zinali pansi. A Wilkins anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika chopalira pambali.

"Ndiye kunjako azikudziwa kuti ndiwe wa ndani?"

"Ndi za pakompyuta chabe, amalume."

"Satifiketi yako ya Folomu 4 ili ndi dzina lanji?"

"Chimbalanga."

"Bwanji osawatumizira imeneyo?"

"Salandira satifiketi. Akufuna chiphaso, kapena pasipoti, kapena laisensi yoyendetsera galimoto."

"Ndiye tipite ku boma tikasinthitse chiphasocho."

Ezekiele anali ataganizapo kale. Anafotokoza kuti pamafunika kukalumbira, kudzaza mafomu, kenako kudikira chiphaso chatsopano, mwina miyezi. Pambuyo pake kukasinthanso ku banki. A Prudence adzakhala atapita kalekale.

A Wilkins anatola chopalira chija. "Chita zimene ukuona kuti n'zabwino. Wakula."

Sanamuyang'anenso. Ezekiele anaima kanthawi, kenako anachoka.

Kusintha dzina sikunali kongofufuta n'kulemba lina. Malo a dzina anali otsekedwa, ndipo anayenera kulembera anthu othandiza makasitomala a kampaniyo. Poyamba ankamuyankha ndi makina, kumubwezera mayankho omweomwewo. Atafika kwa munthu, anamupempha chiphaso chija kachiwiri. Ndiye kunalinso webusaiti ya ntchito ija, kumene dzina linayenera kufanana ndi la pa akaunti yolandirira ndalama. Nakonso analemba, nakonso anadikira. Bandulo ya intaneti inkatha, iye n'kugula ina ndi timakobiri ta kutayipa. Tsiku limene dzina la Kaphuka linaonekera konsekonse, mayi wa ku Ulaya uja analemba kufunsa ngati akulankhulabe ndi munthu yemwe uja. Anafunsanso ngati angathe kulandira mawu ena ambiri mwezi wotsatira. Ezekiele anayankha kuti ndi yemweyo, ndipo ntchitoyo akuifuna.

Anaganiza kuti zatha. Imelo yotsatira inati dzina lavomerezeka, tsopano atumize umboni wa kumene amakhala: bilu ya magetsi kapena ya madzi, kapena sitetimenti ya ku banki, yosapitirira miyezi itatu, yokhala ndi dzina lake ndi adiresi yake.

Anaseka yekha, kuseka kopanda chimwemwe. Kwawo ankaunikira kasola kakang'ono ka padenga. Madzi ankatunga pamjigo. Bilu ikanachokera kuti?

Inatsala ndi banki, ndipo nthambi yake inali ku Mwanza. A Dorica anagulitsa nkhuku kuti apeze yoyendera. Anakwera njinga yamoto mpaka kumsewu wa tala, kenako minibasi. Anaima pamzere, analipira, anamupatsa sitetimenti yodindidwa bwinobwino. Anaijambula mosamala, ngodya zonse zikuoneka, n'kuitumiza ali pakhonde la banki pomwepo poti netiweki inali yabwino. Pobwerera ankaimba kamluzu.

Yankho linabwera sabata isanathe. Adiresi ya pa sitetimenti ndi bokosi la ku positi. Akufuna adiresi ya malo amene munthu amagona. Ezekiele anayang'ana pepala lija. Zoonadi, potsegula akaunti anapereka bokosi la sukulu ya pulaimale ya kwawo, monga amachitira aliyense wa m'mudzimo.

Anagwetsa foni patebulo la Jeffrey. "Akufuna ndiwalembere chiyani? Nyumba ya kuseri kwa mlambe? Kwathu kuli msewu wokhala ndi dzina? Ntchito ndinagwira, mwini wake analipira, ndalama ndikuziona ndi maso angawa. Ndine wakuba ine?"

Jeffrey anatenga sitetimenti ija, anaiyang'ana, n'kuiika pa sikana. "Aise, ukuzivutitsa wekha. Khala pansi."

Sipanatenge nthawi. Anafufuta mzere wa bokosi, n'kulemba nambala ya nyumba ndi dzina la msewu wongopeka, ndi zilembo zofanana ndendende ndi za banki. Ngakhale chidindo sichinasunthe.

"Azungu ako adziwa bwanji? Afika ku Lisungwi kudzaona?"

Ezekiele anayang'anitsitsa. Chithunzi cha sitetimenti yosinthidwayo chinali chooneka bwino kuposa chenicheni. Anachikopera mu foni, natsegula tsamba lotumizira. Koma netiweki inali itathawanso, ndipo kachizindikiro kankangozungulira. Ali kudikira, analowa pagulu la pa foni la achinyamata ogwira ntchito zotere, ambiri a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, n'kulemba funso ngati kuti akufunsira mnzake. Uthengawo unapita atafika pachulu paja. Mayankho sanachedwe. Wina anati iye anachita zomwezo ndipo zinadutsa. Mtsikana wina anati mchimwene wake anagwidwa: akaunti inatsekedwa, ndalama zinagwidwa miyezi yambiri, ndipo chiphaso chakecho sangatsegulirenso akaunti ina ku kampani imeneyo.

Anakhala pansi pachulupo. Chiphaso anali nacho chimodzi. Dzina anali atataya kale chifukwa cha akaunti yomweyi. Anafufuta chithunzi chija, ndipo mtima sunamuuze kuti wachita bwino. Unangowawa.

"Ndiwe wamantha," anatero Jeffrey atamva.

"Mwina," anayankha Ezekiele.

Anaimbira ku banki. Anamuuza kuti adiresi itha kusinthidwa, koma abwere yekha ndi chiphaso, ndi kalata ya amfumu yotsimikizira kuti amakhala m'mudzimo. Ulendo wina wa ku Mwanza. Nkhuku zotsala zinali zoikira, ndipo sanafune n'komwe kuwauza amayi ake. Koma a Dorica anaona mmene ankadyera, anafunsa, ndipo iye anafotokoza.

Sabata yomweyo a Prudence anamuitana. Kalata yawo inali itatuluka. Mwezi ukatha akunyamuka.

Patapita masiku awiri, mmawa Ezekiele akunola khasu, anaona amalume ake akulowa pabwalo atavala jekete la kutchalitchi. Chichitikireni nkhani ija anali asanalankhulane, kupatula moni. A Wilkins anatulutsa envelopu m'thumba.

"Amayi ako anandiuza. Ndinapita kwa amfumu dzulo." Anamupatsa. "Ndikupita ku Mwanza kukagula vanishi ndi mahinjesi. Ukasambe, tipitire limodzi."

Ezekiele anatsegula. Kalatayo inati Ezekiele Kaphuka ndi mwana wa m'mudzi wa Mkanda, ndipo pansi, pa malo a mboni, panali siginecha ya a Wilkins. Atakweza maso, amalume ake anali atatembenukira kale kwa a Dorica kufunsa za mbuzi imene inkatsokomola.

Ku banki anapeza netiweki yagwa. Anthu anali mbwee, ena atakhala pansi m'mbali mwa khoma. Anapereka chiphaso ndi kalata kwa mayi wa pa desiki, ndipo anapatsidwa fomu yokhala ndi malo oti ajambule mapu a kwawo. Anajambula msika, mtsinje, mjigo, mlambe, ndi kanyumba. Anakhala pabenchi ndi amalume ake mpaka dzuwa linapendeka. A Wilkins sanapite kukagula vanishi. Anangokhala, chipewa chili pabondo.

"A Kaphuka," anaitana mayi uja.

Ezekiele ankayang'ana pansi, akuganiza za laputopu.

"A Kaphuka alipo?"

A Wilkins anamugunda ndi chigongono. "Akuitana iwe."

Anadzuka mofulumira. Mayiyo anati adiresi yatsopano ailowetsa, koma sitetimenti imatuluka ndi adiresi yolandirira makalata. Ezekiele anapempha kuti mudziwo aulembe pamenepo pomwe, bokosi alichotse. Mayiyo anamuyang'ana modabwa.

"Nanga makalata anu azifikira kuti?"

"Palibe amene amandilembera, mayi. Chonde, ingolembani mudzi, mfumu yaikulu, ndi Neno."

Anakafunsa kwa abwana ake, anabwerera, analemba. Koma kusinthako kunayenera kuvomerezedwa kaye ndi munthu wina, ndipo sizikanatheka tsiku lomwelo. Anati sitetimenti yatsopano adzamutumizira pa imelo. Ezekiele analemba imelo yake ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuiwerenga mokweza kawiri. Atatuluka anapeza mashopu a zipangizo akutseka. Anabwerera opanda vanishi, ndipo a Wilkins sanadandaule.

Sitetimenti inabwera sabata yotsatira, ataimbira kangapo. Ulendo uno sanathamange. Anasintha kaye adiresi ya pa akaunti ya ku kampani ija kuti ifanane ndi ya pa sitetimenti liwu ndi liwu, kenako anatumiza. Uthenga uja unabweranso: adikire masiku angapo.

Mwezi unatha akudikirabe. Anathandiza a Prudence kukweza katundu mu lole, matiresi, mapoto, mbaula, ndipo pomaliza anawapatsa laputopu ataikulunga m'chitenje.

"Ndikanakusiyirani, achimwene, koma ndayamba sukulu ya pa intaneti. Pepani."

"Munandithandiza kale, asisi. Muyende bwino."

Tsiku lomwelo analembera mayi wa ku Ulaya uja. Kompyuta ya Jeffrey sikanatheka, poti tsiku lonse inkakhala ndi makasitomala, ndipo mayiyo anali atachenjeza kuti mawu ojambulidwawo asaikidwe pa kompyuta yogwiritsa anthu ambiri. Anapempha ngati angamudikire. Mayiyo anayankha mwaulemu kuti nthawi yamuthera, apereka kwa wina, koma adzamukumbukira. Ezekiele anawerenga kamodzi n'kuzimitsa foni. Masiku otsatira sanapite n'komwe pa shopu. Ankapita kumunda, kubwera, kugona pamkeka.

Imelo yomwe ankaiyembekezera inamupeza ali pamjigo, akutungira amayi ake madzi. Akaunti yanu yatsimikizidwa. Anaiwerenga, n'kupitiriza kupopa mpaka ndowa inadzaza. Ankayembekeza kuti tsiku limeneli adzalumpha, koma m'thupi munalibe mphamvu yolumphira.

Ndipo sizinathere pomwepo. Ndalama zinayenera kuchoka pa webusaiti ya ntchito kupita ku akaunti yatsopanoyo. Kenako analowetsa nambala ya akaunti ya ku banki, nayonso anati aiunike kaye. Kenako kutumiza, ndi masiku ena odikira. Pamene foni inalira kuti zalowa ku banki, aliyense m'njiramo anali atadulapo kake, webusaiti, kampani, ndi posintha madola kukhala makwacha. Anafunsa mitengo ya malaputopu ogwiritsidwapo kale ku Limbe, ndipo zimene zinatsala sizinkakwana.

Madzulo amenewo anakhala pakhonde ndi amayi ake, n'kuwauza.

"Ndiye utani?" anafunsa a Dorica.

"Ndizisiya ku banki komweko. Pali tintchito ting'onoting'ono tomasulira totheka pa foni. N'tochedwa, zala zimawawa, koma tikaunjikana ndidzagula."

"Azikakufunsanso za mabilu?"

"Atha kudzafunsanso tsiku lina. Koma pano ayi."

A Dorica anagwedeza mutu, nalowa m'nyumba kukasonkha moto. Ezekiele anayang'ana batire ya foni, anaona kuti ikwana, ndipo ananyamuka kupita kumtunda kwa mudzi kumene netiweki imagwira. Panali ntchito ina imene anaiona masana, yomasulira timauthenga ta katemera wa nkhuku, ndipo ankafuna kuifunsira wina asanaitenge.